Momwe mungafupikitsire nkhani ziwiri zotsutsana

Mng'ono wanga wa ku Mbare, ku Harare, anapatsidwa zowerenga ziwiri zokhudza amene anamanga Great Zimbabwe, mzinda wakale wa makoma a miyala, zomwe nanenso ndinapatsidwa ndili m'chaka choyamba: mutu umodzi wa Theodore Bent, amene anakumba pamalopo mu 1891, ndi wina wa David Randall-MacIver, amene anakumba mu 1905. Ndilemba zomwe ndinamuuza.

Choyamba pezani masamba onse. Mukamachita fotokope m'tauni werengani manambala a masamba musanapereke dola yanu, chifukwa ena amadumpha tsamba lomaliza, pomwe pali chigamulo cha mlembi. Manotsi ogulitsidwa pa WhatsApp asiyeni, kalasi yonse yagula omwewo.

Werengani mlembi mmodzi, tsekani, lembani mfundo yake m'chiganizo chimodzi. Chitani chimodzimodzi ndi winayo. Bent akuti anamanga ndi alendo akale kwambiri, Afoinike kapena Aluya. Randall-MacIver akuti ndi Aafirika, cha m'ma 1300 ndi 1400.

Apa ndi pomwe ndinagwa. Ndinalemba ziganizo ziwirizo, ndinazikometsa mpaka kudzaza masamba awiri, ndipo pepala linabwerako ndi funso limodzi la inki yofiira: akusiyanira pati? Zinandiwawa, koma aphunzitsi sanalakwe. Ine ndinaonetsa komwe awiriwa anafikira, osati mphambano yomwe anasiyanirana.

Kuti muipeze, yambani ndi zomwe akugwirizana. Onse akuvomereza kuti panali malonda a golide ndi anthu akunja. Onse anapeza zidutswa za mbale za ku China ndi ku Perisiya. Choncho mukalemba kuti amasiyana pa nkhani ya malonda, mwaphonya. Tengani chinthu chimodzi chomwe onse anachigwira m'manja, mbale zimenezi, mufunse kuti aliyense wachita nazo chiyani. Bent anaziika pambali ngati katundu wobwera mochedwa, n'kudalira maonekedwe: nsanja yosongoka ndi mbalame zosemedwa pamwala zinamukumbutsa za kunja. Randall-MacIver anayang'ana pomwe zinthu zagona m'nthaka. Katundu wakunja wodziwika zaka zake anali pamodzi ndi ziwiya za Chiafirika m'malo omwe munkakhala anthu, ndiye zaka za katunduyo zikuloza zaka za omangawo. Mphambano ndi imeneyo: kodi zaka za khoma timazidziwa poona chomwe likufanana nacho, kapena poona zomwe zakwiririka nalo?

Dziyeseni chonchi. Mukamukakamiza Bent kuvomereza mfundo imodziyo, kodi chigamulo chake chiimabe? Ngati chikugwa, mwapeza penipeni. Ngati chikuimabe, mwagwira nthambi, pitirizani kufufuza.

Zotsalazo n'zosavuta. Ndime imodzi ya Bent, ina ya mnzakeyo, yachitatu ya zogwirizana ndi mphambano, ndipo mfundo iliyonse ikhale ndi nambala ya tsamba. Zoti Gertrude Caton-Thompson, amene anakumbanso pamalopo, anatsimikizira mu 1929 kuti omanga anali Aafirika, ndiponso za maganizo a atsamunda a nthawi ya Bent, muzisunge mpaka atakufunsani maganizo anu.