Musamwe mapiritsi okodzetsa musanayezetse mkodzo

Nyengo ino ndakumana ndi anthu angapo olakwitsa chinthu chimodzimodzi, ndipo zikundiwawa. Munthu akudzuka zikope zitatupa, dzuwa likakwera nkhope n'kuphwa, madzulo nsapato zikukana kulowa. M'malo mopita kukayezetsa, akupempha mapiritsi okodzetsa aja, fulosemaidi, amene ambiri amawatcha lasikisi, kwa m'bale wake wodwala mtima. Miyendo ikaphwa, basi akuti ndachira.

Madzi a m'mawawo ndi a madzulowo ndi amodzi. Mukagona amafalikira n'kukakhazikika m'zikope, poti khungu la pamenepo ndi lofewa. Mukaimirira amatsikira ku akakolo. Funso ndi lakuti atuluka bwanji m'mitsempha, ndipo piritsi siliyankha funso limenelo.

M'magazi muli puloteni yotchedwa alubumini, imene imagwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha. Mwa munthu wabwinobwino imakhala magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi ya magazi. Sefa ya impso ikawonongeka, puloteniyi imatayikira mumkodzo, nthawi zina magalamu oposa 3.5 pa tsiku, ndiye madzi amatulukira m'minofu. Tsono taganizani: thupi lonse latupa koma m'mitsempha madzi angakhale ochepa, inu n'kumwa piritsi loumitsa mitsempha yomweyo. Impso zodwala kale zimalandira magazi ochepa, mchere wofunika m'magazi wotchedwa potaziyamu umatayika, minofu imakokana, mtima ungayambe kugunda mosalongosoka. Magazi a wodwala wotere sachedwanso kuundana, ndipo kuuma kumawonjezera ngoziyo. Kuchipatala amaperekadi mankhwala omwewa, koma atayeza magazi, akuyang'anira sikelo ndi mlingo wake.

Bambo wina, mlimi wakhama, anandiuza kuti, "Alangizi, n'kuimirira kumeneku, ndimakhala m'munda tsiku lonse." Ndinamufunsa kuti nanga nkhope amaimirira nayo usiku? Anakhala chete. Jombo zinali zitayamba kumuthina, mlamu wake n'kumugawira mapiritsi. Anamwa milungu itatu, akuwonjezera bulufeni chifukwa cha msana, osadziwa kuti bulufeni ndi daikilofenaki zimasunga mchere ndi madzi m'thupi komanso zimapweteka impso. Tsiku lina anagwa ndi chizungulire ali pamzere. Kuchipatala kapepala koviika mumkodzo kanaonetsa puloteni 3+, kutanthauza yochuluka, alubumini inali pa 18, ndipo thupi linali litakwera ndi makilogalamu 7, kutanthauza malita pafupifupi 7 a madzi. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti thovu mumkodzo, longa la sopo, losachedwa kubwera koma lochedwa kutha, analiona kalekale osauza munthu. Kupalira kunamudutsa ali gone m'chipatala. Kuyeza kumene anakuzemba kuja n'kwa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Chizolowezi chogawana mankhwala ngati tikugawana mbewu chitheretu. Mlamu ujayo vuto lake linali lina, la mtima. Mtima ukafooka, madzi amadzadza m'miyendo ndi m'mapapo, munthu amachita befu akayenda pang'ono, sangagone chagada, amasanjikiza mapilo, ndipo amadzidzimuka usiku mpweya utamuthera. Poti amagona chokhala, nkhope kawirikawiri situpa kwambiri. Palinso amene alubumini yawo yachepa chifukwa chiwindi chikulephera kuipanga, ndi ana osowa zakudya zomanga thupi, amene amatupa mapazi onse awiri tsitsi likufiira n'kuyamba kupyapyala. Mwana wotupa chotere sapatsidwa mankhwala okodzetsa, amafunika chithandizo cha kunyentchera msanga.

Mwana akatupa nkhope sabata imodzi kapena ziwiri atadwala zilonda zapakhosi, kapena milungu ingapo pambuyo pa zilonda zapakhungu, mkodzo uli wochepa komanso woderako ngati tiyi, ganizirani impso ndipo musadikire.

Zochita nazi mwachidule. Dinikizani chala chachikulu pamsongolo kwa masekondi angapo. Pakatsala kadzenje, amenewo ndi madzi. Pitani mukapemphe kuyezedwa mkodzo, kuthamanga kwa magazi, shuga, ndi magazi oona mmene impso zikugwirira ntchito. Tengani mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa ena a kuthamanga kwa magazi, monga amulodipini, amatupitsa akakolo. Chepetsani mchere, siyani bulufeni, ndipo muzikwera sikelo m'mawa uliwonse n'kulemba. Mayi woyembekezera amene wapitirira milungu 20 n'kutupa nkhope ndi manja, makamaka mutu ukupweteka kapena akuona mwachimbuuzi, apite tsiku lomwelo. Chimodzimodzi amene akubanika ali chikhalire, amene mkodzo wachepa kwambiri, ndi amene watupa mwendo umodzi wokha ukupweteka.