Musanaitane wolemba chikwangwani, yesani kaye dzina la sitolo pa foni

Amene mukutsegula sitolo ku Nchalo, Ngabu, Bangula kapena pa boma la Nsanje, pempho langa ndi limodzi. Penti isakhudze khoma musanaone ngati dzina lomwe mwasankhalo lingalembeke mofanana pa domeni, ndiye kuti adiresi ya webusaiti, komanso pa masamba a mchezo. Kusintha dzina pa pepala n'kwaulere, koma kulisintha mutalipira kale chikwangwani, chidindo ndi mabuku a malisiti kumapweteka m'thumba.

Vuto lagona poti malo aliwonse ali ndi malamulo ake. Domeni imalola zilembo, manambala ndi kamzere kapakati, koma imakana mpata pakati pa mawu. Instagram imakana kamzere kapakatiko, imalola kadontho ndi kamzere kapansi, ndipo malire ake ndi zilembo 30. Tsamba la Facebook limafuna zilembo zosachepera 5, ndipo pazizindikiro limalola kadontho kokha. X ndiye yothina kuposa onse: zilembo 15 basi. Choncho dzina lolowa paliponse ndi la zilembo zokhazokha zolumikizana, zoyambira 5 mpaka 15.

Tiyerekeze kuti mukutsegula sitolo ya mankhwala a ziweto pa Ngabu ndipo mwaitcha Khola la Ng'ombe. Choyamba kugwa ndi kachizindikiro kamene kali pakati pa g ndi o, chifukwa sikaloledwa m'malo onsewa. Mukachotsanso mipata mutsala ndi `kholalangombe`, zilembo 13. Likukwana. Tsopano lembani `instagram.com/kholalangombe` pa foni, muchitenso chimodzimodzi pa Facebook, TikTok ndi X, koma pa TikTok muike `@` kutsogolo kwa dzinalo. Likatseguka tsamba la munthu wina, dzinalo lapita. Likapanda kutseguka musafulumire kusangalala, poti mayina ena amakhala otsekedwa ngakhale saoneka. Umboni weniweni ndi pamene mwaliika pa akaunti yanu n'kuvomera. Za domeni ya `.com` fufuzani pa `lookup.icann.org`. Domeni ya dziko lathu ndi `.mw`, ndipo amaiyang'anira ndi a Malawi SDNP.

Nanga mukapeza kuti pa Instagram pokha wina analitenga kale? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amangoonjezera nambala pamenepo pokha, kwinako n'kusiya momwe zinalili, mapeto ake sitolo imodzi ili ndi mayina atatu, ndipo kasitomala woiwala nambalayo akutumiza uthenga kwa mlendo. Ine ndimalangiza kusintha paliponse nthawi imodzi. Kuphatikiza dzina la malo kumathandiza, koma werengani: `kholalangombengabu` ndi zilembo 18, pa X silikwana. Lifupikitseni likhale `kholangabu`, zilembo 10, ndipo limeneli ndilo lipite pa domeni, pa masamba onse, ndi pansi pa dzina lonse pa chikwangwani.

Dzina la malo nalonso lisankheni mosamala. Ngabu, Nchalo ndi Bangula aliyense amalemba mofanana. Koma boma lathu lija ena amalemba Chikwawa, ena Chikhwawa, ndipo kwa makina h mmodzi yemweyo ndi adiresi ina. N'chimodzimodzi mawu amene anthu amasinthanitsa l ndi r, kapena amene wolankhula Chisena ndi wolankhula Chimang'anja angawalembe mosiyana. Njira yoyesera ndi yosavuta: imbirani anthu atatu, mutchule dzinalo kamodzi osawawerengera zilembo, iwo akutumizireni pa uthenga momwe alimvera. Mmodzi akaphonya, makasitomala adzaphonyanso. Ndibwino kulisiya dzinalo lero.

Mayina onse atengeni tsiku limodzi, ngakhale pa masamba amene simukuganiza zowagwiritsa ntchito chaka chino. Pa masamba a mchezo n'kwaulere. Domeni ndiyo yolipira, ndipo sumagula kamodzi n'kukhala yako mpaka kale. Umachita lendi ya chaka ndi chaka. Tsiku lolipiranso likadutsa webusaiti ndi imelo yake zimaima, ndipo mukachedwa kwambiri wina akhoza kuitenga. Dziwaninso kuti kulembetsa bizinesi ku boma sikukusungirani dzinalo pa intaneti. Ndi makaundula awiri osiyana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Ambiri mumatuma mnyamata wodziwa makompyuta kuti akutsegulireni zonse, ndipo palibe cholakwika. Koma khalani naye pomwepo, muonetsetse kuti pa malo a mwini domeni palembedwa dzina lanu, imelo yanu ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu. Akaika zake, tsiku lomwe adzasamukire ku Blantyre kapena kutaya simu khadi, uthenga wokumbutsa kulipira ndi manambala otsegulira akaunti zidzapita kwa iye. Mawu achinsinsi ndi tsiku lolipiranso zilembeni m'kabuku, mukakulunge m'pulasitiki pamodzi ndi chiphaso cha bizinesi. Kuno kuchigwa madzi osefukira akabwera, foni ndi mapepala zimanyowera limodzi.