Poyesa kukula kwa inveta ndi batire pa sitolo yaing'ono, yambirani pa firiji

Ngati magetsi amazima kawirikawiri pa sitolo yanu, musanagule inveta lembani mawati a chipangizo chilichonse chimene mukufuna kuti chizigwirabe ntchito, monga alembedwera kumbuyo kwake. Tiyerekeze kuti muli ndi mababu anayi a mawati 10 lililonse, firiji ya mawati 150 ndi fani ya mawati 60. Zonse pamodzi ndi mawati 250.

Ambiri amalakwitsa apa pogula inveta ya mawati 300. Injini ya firiji ikamayamba kuzungulira imakoka mphamvu yoposa ya nthawi zonse katatu kapena kupitirira, moti inveta yaing'ono imalira ndi kuzima yokha ngakhale batire ili yodzaza. Pa zipangizo zimenezi tengani ya mawati 1,000, yolembedwa kuti "pure sine wave", chifukwa mitundu yotchipa imatenthetsa injini ya firiji.

Batire imayesedwa ndi maola amene magetsi amakhala atazima. Ngati amazima maola anayi, chulukitsani mawati 250 ndi maola anayiwo, mupeza 1,000, ndipo muwonjezerepo 200 chifukwa inveta imataya mphamvu ina mwa kutentha. Mukagawa 1,200 ndi mavoti 12 a batire, yankho ndi 100Ah, ndipo Ah ndiwo muyezo wa kukula kwa batire. Koma batire ya asidi imafa msanga ikamatsitsidwa kupitirira theka, choncho mufunika 200Ah, pamene ya lithiyamu ya 120Ah ingakwanire. Batire ya galimoto musaiyese n'komwe, popeza sinapangidwire kutsitsidwa tsiku ndi tsiku.

Onetsetsaninso kuti chaja ya invetayo ikupereka maampu osachepera 20, apo ayi magetsi adzazimanso batire isanadzaze.