Momwe mungasinthire muyeso wa 1:2:4 kukhala makilogalamu a simenti, mchenga ndi kwale

Mmisiri akati konkire ikhale 1:2:4, amanena za ndowa: imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za kwale. Sanena za sikelo ayi. Ndaonapo anthu akuti thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndiye mchenga ukhale 100, kwale 200. Si momwemo, chifukwa ndowa yomweyo imalemera mosiyana malinga ndi chomwe mwathiramo.

Titenge silabu ya mamita 4 mulitali, 2.5 mulifupi, yochindikala masentimita 10. Imeneyo ndi kiyubiki mita imodzi ya konkire.

Choyamba, chulukitsani ndi 1.54. Zipangizo zouma zikasakanizidwa ndi madzi zimaphwa, poti mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti n'kulowa m'mipata ya mchenga. Choncho mukufunika makiyubiki mita 1.54 a zouma.

Kenako phatikizani 1, 2 ndi 4, mupeza 7. Gawani 1.54 ndi 7, gawo limodzi likhala 0.22. Simenti ndi 0.22, mchenga 0.44, kwale 0.88.

Tsopano chilichonse chichulukitsidwe ndi kulemera kwake pa kiyubiki mita chikakhala chongothira, mipata ili momwemo. Amisiri ambiri amatenga 1440 pa simenti, 1600 pa mchenga wouma, ndi cha m'ma 1500 pa kwale.

```
0.22 x 1440 = 317 kg
0.44 x 1600 = 704 kg
0.88 x 1500 = 1320 kg
```

Simentiyo ndi matumba 6 ndi kagawo, ndiye gulani 7. Pa thumba limodzi, lomwe ndi malita pafupifupi 35, pakubwera makilogalamu 111 a mchenga ndi 208 a kwale. Mukaona 3150 italembedwa penapake pa simenti, musaigwiritse ntchito pano: nambala imeneyo siwerengera mpweya wa pakati pa fumbi lake, ndipo ikugulitsani matumba 14.

Pomwe pamavuta ndi pa mchenga. Wa kumtsinje ndi wa kudambo salemera mofanana, ndipo ukachita chinyontho umafufuma, nthawi zina kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. Ine sindikhulupirira 1600 ndisanayeze ndekha. Tengani ndowa ya malita 20, muiyeze ili yopanda kanthu, mudzaze mchenga osatsindira, musalaze pakamwa ndi thabwa, muyezenso, muchotsere kulemera kwa ndowa. Mukapeza makilogalamu 32, gawani ndi 20: lita imodzi ndi 1.6, kutanthauza 1600 pa kiyubiki mita. Mukapeza 27 pa mchenga wonyowa, umenewo wafufuma. Yanikani pang'ono pa lata kuti uume, muyezenso, ndipo nambala ya woumayo ndiyo ilowe m'masamu anu.

Mukamasakaniza ndi ndowa mchenga uli wonyowa, konkire imatuluka yokhakhala, miyala ikuonekera, yovuta kusalaza. Pamenepo onjezerani mchenga, ndipo madzi muchepetse poti ena abwera kale ndi mchengawo.