Momwe mungapemphere kasitomala pa imelo kuti akulumikizeni ndi mnzake

Tiyerekeze kuti mumaika magetsi a sola, ndipo mu Epulo munagwira ntchito pa loji ina ku Likhubula. Chiperoni cha mu Juni chafika, mitambo yakuta phiri la Mulanje kwa masiku angapo, koma mabatire sanathe moto. Mayi amene ali mwini lojiyo akulemberani kuti alendo asiya kudandaula za mdima. Nthawi yopempha ndi imeneyi, pasanathe masiku awiri kapena atatu. Mukapempha tsiku lomwe mwamaliza ntchito, iwo amakhala asanaone ngati zinthu zikuyendadi, ndipo palibe amene amafuna kuchita manyazi kwa mnzake chifukwa cha mmisiri amene sanamuyese.

Choyamba, musatsegule imelo yatsopano. Dinani Reply pa uthenga wawo woyamikira uja, kuti pempho lanu likhale pamwamba pa mawu awo omwe.

Kenako sankhani munthu amene mukumufuna. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amalemba kuti, "Ngati mukudziwa aliyense wofuna sola, muwauze za ine." Mayi aja ayankha kuti "Chabwino, ndidzatero," nkhani n'kuthera pomwepo. Sikuti akukanani ayi. Mwangowapatsa ntchito yoganizira anthu onse amene amawadziwa, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Muloza, pamene iwo ali ndi alendo oti awaphikire. Pemphani munthu mmodzi, ndipo mufotokoze kuti ndi wotani: mwini loji kapena malo odyera amene jenereta ikumudyera ndalama za mafuta magetsi akazima. Mukatero, dzina limabwera lokha m'mutu mwawo. Ngati tsiku lina anatchulapo mnzawo wa ku Luchenza, mutchuleni ameneyo.

Gawo lachitatu ndilo limapangitsa kuti kuvomera kusavute: alembereni mawu oti angotumiza. Imelo yonse ingaoneke motere:

"Zikomo Mayi, ndasangalala kumva kuti sola yapirira chiperoni. Ndili ndi pempho limodzi. Kodi pali mnzanu mmodzi wa loji kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo amene akuvutika ndi kuzimazima kwa magetsi? Ngati alipo, m'munsimu ndalemba mawu oti mungowatumizira, ndipo mukhoza kusintha momwe mungafunire. Ngati palibe amene mukumuganizira panopa, musadandaule, palibe vuto."

M'munsi mwake muike mawu olembedwa ngati akulankhula ndi mayiwo:

"Amene anandiikira sola mu Epulo ndi awa. Magetsi sanazime masiku onse a chiperoni. Amayamba abwera kudzaona malo ndi kuwerengera mtengo musanalipire kalikonse. Ngati mukufuna, alembereni pa imelo yawo kapena muwaimbire pa nambala yawo, zonse zili m'munsimu."

Taonani kuti mulibe mawu odzitama. Mukalemba kuti "katswiri woposa onse m'chigawo cha kummwera," mayiwo sangatumize, chifukwa iwo salankhula choncho. Lembani zokhazo zimene anaona ndi maso awo, ndipo zonse zikwane pa sikirini ya foni popanda kutsitsa kwambiri. Musaphatikize mafayilo a zithunzi kapena mndandanda wa mitengo. Amadya bandulo, ndipo mawu achidule akhoza kukopedwa n'kuikidwa pa WhatsApp, kumene mwina mnzawoyo amapezeka msanga.

Chiganizo chija chowapatsa mpata wokana musachichotse. Kwathu kuno munthu savomera kunena "ayi" maso ndi maso, choncho akapanikizika amangokhala chete, ndipo mawa sola ikavuta amachita manyazi kukuimbirani.

Musapemphe nambala ya foni ya mnzawoyo kuti mumuimbire nokha. Munthu akaimbiridwa ndi mlendo, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Nambala yanga mwaitenga kuti?" ndipo mlandu umagwera kasitomala wanu. Za kangachepe nazonso muzisiye kunja kwa imeloyi. Makamaka ngati kasitomala wanu ndi wogwira ntchito mu ofesi ya esiteti ya tiyi, lonjezo la ndalama lolembedwa pa imelo ya kuntchito likhoza kuoneka ngati chiphuphu n'kumuika m'mavuto.

Pakatha sabata osayankhidwa, kumbutsani kamodzi kokha, ndi mzere umodzi: "Mayi, ndimangofuna kudziwa ngati uthenga uja unafika." Akapanda kuyankhanso, zisiyeni, mudzayambitsenso nkhaniyo mukadzapita kukaona mabatire. Koma akakulumikizani, muyankheni munthu watsopanoyo tsiku lomwelo, ndipo mukakumana naye muwadziwitse mayi aja momwe zayendera, kaya ntchito mwaipeza kaya ayi.