Bwana akati "usabwerenso mawa": ndalama ya notisi ku Joni

Ambiri mwa abale athu ogwira ntchito zam'nyumba ndi zam'galadeni ku Joni akauzidwa kuti ntchito yatha lero, amalandira malipiro a masiku amene agwira n'kunyamula zikwama. Apa amasiya ndalama yawo m'manja mwa bwana. Bwana ali ndi ufulu wokana kuti mugwire masiku a notisi, koma akatero ayenera kukupatsani ndalama yonse imene mukanalandira m'masikuwo. Izi zili m'ndime 38 ya lamulo la ntchito la 1997, lija amalitchula kuti BCEA.

Nkhani yagona pa kutalika kwa notisiyo. Ndime 37 imati amene wagwira miyezi 6 kapena kucheperapo apatsidwe sabata imodzi. Wam'nyumba kapena wapafamu akangodutsa miyezi 6, notisi yake ndi masabata 4. Apa ndi poyambira chabe. Kontirakiti yanu ikanena nthawi yaitali kuposa pamenepa, imeneyo ndi imene muwerengere. Ikanena yochepa, mawu akewo alibe mphamvu, lamulo ndi limene ligwire ntchito.

Tiyerekeze mayi amene wagwira zaka zitatu panyumba ina, amalandira R6,500 pamwezi. Lamulo limawerenga mwezi ngati masabata anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sabata, ndiye kuti pasabata amalandira R1,500. Popanda kontirakiti yonena zina, ndalama yake ya notisi ndi R6,000. Koma ngati anasainirana kuti notisi ndi miyezi iwiri, bwana womuchotsa lero atulutse R13,000. Akamulola kugwira mwezi umodzi n'kumuuza kuti basi, amulipire mweziwo, awonjezerenso R6,500 ya mwezi wotsalawo.

Chenjerani ndi bwana wonena kuti masiku anu a tchuthi amene simunapume ndiwo akhale notisi. Lamulo limakana zimenezo. Tchuthi chotsala chili ndi ndalama yakeyake, ndipo papepala la malipiro omaliza muone kuti ziwirizi zalembedwa padera.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya chipinda. Munthu wogona kuseri kwa nyumba ya bwana amapatsidwa ndalama ya notisi m'mawa, madzulo katundu ali kale pageti. Ndime 39 imati bwana wosankha kulipira m'malo mwa notisi akusiyeni m'chipindamo mwezi wathunthu, kapena kupitirira apo ngati notisi ya m'kontirakiti ndi yaitali.

Mukapereka notisi ndinu, bwana n'kupsa mtima kuti chokani pompano, masikuwo akulipirenibe, pokhapokha mutagwirizana zina. Choncho musasaine msanga pepala limene simunaliwerenge. Notisi imagwa pokhapokha mwachotsedwa pa mlandu waukulu monga kuba. Ndipo kulandira ndalamayi sikutseka njira ya ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito: ngati mukuona kuti anakuchotsani popanda chifukwa chomveka, kadandauleni masiku 30 asanathe.