Mawu angati angakwane mu uthenga wojambula wa mphindi ziwiri?

Mukafunsa anthu ojambula mawu a mavidiyo ndi mauthenga a pa wailesi, ambiri adzakuuzani kuti mphindi imodzi imatenga mawu 150, ndiye kuti mphindi ziwiri ndi mawu 300. Chiwerengero chimenechi ndi cha Chingerezi. Mukalemba mawu 300 a Chichewa n'kumuuza wowerenga kuti awamalize m'mphindi ziwiri, achita kuthamanga ngati akulengeza mpira, kapena nthawi imuthera ali pakati.

Chifukwa chake n'chakuti mawu athu ndi aatali. Taonani mawu akuti "sindinakuuzeni". Kompyuta imawawerenga ngati liwu limodzi, koma pakamwa ali ndi maphatikizo 7: si-ndi-na-ku-u-ze-ni. M'Chingerezi ganizo lomweli ndi mawu asanu aafupiafupi. Chimene chimadya nthawi ndi maphatikizo ndi kupuma, osati nambala imene Microsoft Word ikukuonetsani m'munsi mwa tsamba. Komanso m'Chichewa timatalikitsa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza tikafika pothera chiganizo. Mukamvetsera munthu akunena kuti "bwerani mawa", mumva "ma" akukokedwa pang'ono. Choncho ziganizo zambiri zazifupi zimatenga nthawi yochuluka kuposa mmene zikuonekera papepala.

Njira yodalirika ndi kuyeza liwiro la munthu amene adzawerengeyo, ndipo muyeze pogwiritsa ntchito zolemba zomwezo zimene zidzajambulidwe, osati nkhani ya m'nyuzipepala. Dulani mawu 60, mumupatse awerenge mokweza, ataimirira kapena atakhala monga adzachitire pojambula, inu muli ndi wotchi ya pafoni m'manja. Awerenge katatu. Ulendo woyamba musauwerengere chifukwa amakhala akupunthwa, ndipo pa maulendo awiri otsalawo tengani umene wachedwa. Kuwerenga chamumtima sikuthandiza, maso amathamanga kuposa lilime.

Tiyerekeze kuti ndi uthenga wa kupewa kolera wopita pa wailesi ya m'dera, ndipo wowerenga wamaliza mawu 60 aja m'masekondi 36. Ndiye kuti masekondi 6 aliwonse akutulutsa mawu 10, kapena kuti mawu 100 pa mphindi. Mwina muganiza kuti basi, mulembe mawu 200. Dikirani kaye, masekondi 120 aja si anu onse. Nyimbo yotsegulira itenga masekondi 6, yotsekera pamodzi ndi dzina la bungwe lotumiza uthenga itenga 9, mwatsala ndi 105.

Kenaka pali manambala, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Nambala ya foni ya ku Malawi ili ndi manambala 10. Kompyuta iona liwu limodzi, koma kuti womvera ailembe bwino pafunika masekondi ngati 7, ndipo muyenera kuibwereza kawiri, ndiye masekondi 14 apita. Mwatsala ndi 91. Siyani masekondi ena 7 opumira pamene ganizo likusintha, monga pochoka pa zizindikiro za matenda kupita pa kathiridwe ka mankhwala m'madzi. Otsala ndi 84. Gawani 84 ndi 6, mupeza 14, muchulukitse ndi 10: mawu 140. Amenewa ndiwo mulembe, osafika ngakhale theka la 300 aja.

Manambala ena onse alembeni m'mawu monga adzatchulidwire, musanawerenge kuchuluka kwa mawu. Masiku 7 ndi "masiku asanu ndi awiri", mawu anayi pamene papepala panali awiri. Zaka ndi mitengo ya zinthu nazonso zimatalika chimodzimodzi.

Kuti mawu achuluka mudzadziwira m'makutu. Wowerenga amakoka mpweya pakati pa chiganizo, amameza maphatikizo omaliza, ndipo theka lachiwiri la uthenga limathamanga kuposa loyamba chifukwa waona wotchi. Ngati ndi vidiyo, chithunzi chimasintha mawu ake asanathe.

Zikatero musamuuze kuti afulumire, dulani zolembazo. Yambani ndi malonje aatali ndi mawu ngati "monga mukudziwa kale", kenaka chotsani mfundo imodzi yathunthu, chifukwa kubudula liwu apa ndi apo sikubweza masekondi okwanira. Mukapitirira ndi masekondi atatu kapena anayi okha ndipo wowerenga wapita kale, mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu ojambulidwa, gwiritsani ntchito Change Tempo, imene imafulumizitsa popanda kusintha kamvekedwe ka mawu. Njira ya Change Speed and Pitch imasinthanso kamvekedwe ka mawu, mwakuti mukaonjeza bambo amayamba kumveka ngati kamnyamata. Masekondi 4 pa 124 ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo khutu silizindikira kwenikweni. Koma mukapitirira ndi masekondi 15, muitaneninso wowerengayo adzajambule zolemba zodulidwa.